Nambala yanu yakale inapatsidwa munthu wina: mmene mungabwezeretsere Gmail, Facebook ndi WhatsApp

Ndimakonza mafoni chakufupi ndi msika waukulu wa Lilongwe, ndipo sabata siitha popanda munthu kufika pa benchi yanga ndi funso lomwelomweli: "Achimwene, Facebook ikutumiza khodi ku nambala imene ndinasiya kalekale, ndipo ndikaiimba akuyankha munthu wachilendo. Nditani?" Popeza yankho lake ndi lalitali ndipo pamalo a ntchito pamakhala phokoso, ndaona kuti ndilembe kamodzi kuti aliyense aziwerenga modekha.

Choyamba mumvetse chimene chachitika. Nambala ya foni, kaya ndi ya 099 kapena ya 088, simunaigule ngati mmene mumagulira njinga. Manambala amayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo kampani ya mafoni imangokupatsani kuti muzigwiritsa ntchito. Simu ikakhala miyezi ingapo osaimba, osathiramo mayunitsi komanso osagula bandulo, kampani imaizimitsa, ndipo pakapita nthawi nambalayo imaikidwa pa simu yatsopano n'kugulitsidwa. Facebook, Google ndi WhatsApp sauzidwa za kusinthaku. Kwa iwo, amene akulandira uthenga wa khodi pa nambalayo ndiye mwini wake. Choncho ntchito yanu si kulimbana kuti khodi ikupezeni ayi, koma kupeza umboni wina wosonyeza kuti akauntiyo ndi yanu, kulowamo, n'kuchotsamo nambala yakaleyo.

Pofotokoza masitepe ndizitchula nkhani ya mayi wina wa ku Kawale amene amagulitsa makeke kudzera pa Facebook. Anapita ku Joni kukagwira ntchito, nakhalako chaka ndi miyezi inayi, simu ya kuno ili m'chikwama. Foni yake yakale ya Android anasiyira mng'ono wake. Atabwerako ndi foni yatsopano anapeza kuti pasiwedi ya Facebook waiwala, ya Gmail sanaidziwepo n'kale chifukwa anamutsegulira ndi wogulitsa foni, ndipo nambala yake ili ndi mnyamata wina.

1. Tsimikizirani kuti nambalayo inapitadi

Simu ikasiya kugwira netiweki sizitanthauza kuti nambala yagulitsidwa kale. Pitani ku ofesi yeniyeni ya kampani ya mafoni, osati kwa ajenti wa pa ambulera, mutatenga chiphaso cha unzika chimene munalembetsera simuyo. Kuyambira mu 2018 simu iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa m'dzina la munthu, ndiye wa pa kauntala angathe kuona ngati nambalayo idakali m'dzina lanu. Ngati ili m'dzina lanu, pemphani kuswapa. Kuswapa ndi kupatsidwa simu yatsopano yokhala ndi nambala yomweyo, ndipo kukatheka vuto lanu lonse lathera pomwepo. Ngati inazimitsidwa koma sinagulitsidwe, funsani ngati angakubwezereni.

Ngati akuuzani kuti ili m'dzina la munthu wina, musatayenso nthawi ndi kukangana, chifukwa munthuyo anaigula mwachilungamo ndipo anailembetsa ndi chiphaso chake. Mukadali pomwepo funsani za ndalama zimene zinatsala mu Airtel Money kapena Mpamba pa nambalayo. Wina akakuuzani kuti ali ndi mnzake wa mkati amene angakuswapireni nambalayo mwachinsinsi, mukaneni, popeza kumeneko ndi kulanda nambala ya mwini, ndipo wolakwa mudzakhala inu.

2. Musakhudze chilichonse pa foni yakale

Apa ndi pamene anthu ambiri amadziphera mwayi okha. Foni, laputopu kapena kompyuta ya ku ntchito imene munkalowera mu akaunti ndiyo umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse, ngakhale itakhala yosweka galasi. Musaifulashe, kutanthauza kuifufuta zonse kuti iyambirenso ngati yatsopano. Musachotse apu ya Facebook kapena ya WhatsApp n'cholinga choiikanso, musadine Log out, ndipo musalole wokonza mafoni kudina Clear data ponena kuti akuitsuka. Ngati munaipereka kwa mbale wanu, muimbireni lero lomwe kuti asachite zimenezi, kenako mukaitenge.

Lekaninso kudina Forgot password mobwerezabwereza. Nthawi iliyonse imene mwadina n'kusankha nambala yakale, uthenga wa khodi ukupita kwa mwini watsopano uja, ndipo mukumuuza nokha kuti nambala yake ingatsegule akaunti ya munthu wina. Komanso mukayesa kambirimbiri, akaunti imatsekedwa kwa kanthawi ndipo mumadikira musanayesenso.

3. Yambani ndi Gmail

Anthu amathamangira Facebook chifukwa ndi imene ikuwawawa, koma ine ndimayamba ndi Gmail nthawi zonse, chifukwa Facebook idzafuna imelo yoti ikulumikizireni, ndipo manambala a anzanu ndi zithunzi nthawi zambiri zimasungidwa ku Google.

Ngati muli ndi foni ya Android imene akauntiyo idakalimo, tsegulani Settings, kenako Google, kenako Manage your Google Account, ndipo mupite pa gawo la Security. Mayina a mabataniwa amasinthasintha pang'ono malinga ndi foni, koma njira yake ndi yomweyo. Google idzakufunsani pasiwedi musanasinthe kanthu. Ngati simukuikumbukira, dinani Forgot password muli pa foni yomweyo, ndipo nthawi zambiri imakulolani kutsimikiza ndi loko ya sikirini kapena ndi uthenga umene umatulukira pa foniyo wofunsa ngati ndi inudi, popanda kutumiza khodi ku nambala iliyonse. Ndi mmene zinathekera kwa mayi wa ku Kawale uja. Mng'ono wake anali asanachotse akauntiyo, anabwera nayo foni, tinajambula patani yotsegulira sikirini, ndipo pasiwedi yatsopano inaikidwa pasanathe mphindi khumi.

Ngati foni yotere palibe, lowani pa adiresi iyi:

```
g.co/recover
```

Ikanena kuti itumiza khodi ku nambala yakale, dinani Try another way, ndipo mupitirize kudina mpaka itakupatsani funso limene mungayankhe. Ikafunsa pasiwedi yomaliza imene mukukumbukira, lembani ngakhale yakale kwambiri, chifukwa kuyankha mophonya pang'ono n'kwabwino kuposa kulumpha funso. Chitani zimenezi pa chipangizo chimene munkagwiritsa ntchito kale, pa Chrome yomweyo, muli kunyumba kapena kumalo kumene munkalowera nthawi zonse. Kuyesera pa kompyuta ya m'kafe ya intaneti imene simunaigwiritsepo ntchito kumapangitsa Google kukuonani ngati wakuba. Ngati munayatsa 2-Step Verification, chitetezo chimene chimafuna umboni wina monga khodi kuwonjezera pa pasiwedi, yankho likhoza kutenga masiku atatu mpaka asanu a ntchito. Dziwaninso kuti Google ilibe nambala yoimbapo pa nkhani yobwezeretsa akaunti, choncho amene akukuuzani kuti awaimbira mukamulipira akukunamizani.

Mukalowa, kumbukirani kuti nambala imakhala m'malo awiri osiyana. Pali Recovery phone, ndipo palinso manambala a pansi pa 2-Step Verification. Anthu amasintha pamodzi n'kuiwala penapo. Ikani nambala yatsopano ponse pawiri, muyambe ndi +265 n'kusiya ziro woyambirira, kenako fufutani yakale. Kwa masiku asanu ndi awiri otsatira, Google ikhoza kumaperekabe mwayi wotumiza khodi ku nambala yakale ija, ndiye m'sabata imeneyo musatuluke mu akaunti ndipo musataye foniyo.

4. Facebook

Ngati apu idakali yotsegula pa chipangizo china, mwayi ndi wanu. Pitani pa Settings, Accounts Center, Personal details, Contact info, muonjezere imelo ndi nambala yatsopano kaye, zitsimikizike, kenako ndiye muchotse yakale. Mukachotsa yakale musanaike yatsopano, mudzakhala ndi akaunti yopanda khomo lolowera.

Ngati munatulukamo, gwiritsani ntchito chipangizo chakale chomwecho, mulowe apa:

```
facebook.com/login/identify
```

Fufuzani akauntiyo ndi dzina kapena imelo. Mukaifufuza ndi nambala yakale, ikhoza kukuonetsani akaunti ya mwini watsopano ngati iye anailembetsa kale pa Facebook yake, ndipo zikatero nambalayo imakhala itachoka pa akaunti yanu. Ikakuonetsani njira zotumizira khodi, yang'anani mawu akuti No longer have access to these? kapena Try another way. Mawu amenewa satuluka kwa aliyense. Amatuluka kawirikawiri pa foni kapena kompyuta imene Facebook ikuidziwa kale, n'chifukwa chake ndinaumirira pa sitepe yachiwiri ija. Mukawapeza, mudzafunsidwa imelo yatsopano imene sinalumikizidwepo ku akaunti ina ya Facebook, kenako chithunzi cha chiphaso, kapena kakanema ka nkhope yanu mukutembenuza mutu.

Chiphaso chimakanidwa pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi chithunzi chosaoneka bwino. Ikani chiphasocho pa nsalu yakuda, panja pamthunzi, makona onse anayi aoneke, popanda kuwala kwa fulashi kumene kumaphimba zilembo. Chachiwiri ndi chovuta: ambiri a ife pa Facebook timalemba mayina amasewera ndi masiku obadwa opeka. Amene akuona chiphasocho akufananitsa dzina, tsiku lobadwa ndi nkhope ndi zimene zili pa akaunti, ndiye ngati zonse zitatu zikusiyana, mwayi ndi wochepa kwambiri. Mayi uja pa Facebook ankadziwika ndi dzina la kwa mwamuna wake pamene pa chiphaso pali la bambo ake. Ulendo woyamba anakanidwa, koma chithunzicho chinalinso chojambulidwa usiku pa kandulo. Titajambulanso masana, popeza dzina loyamba, tsiku lobadwa ndi nkhope zinkagwirizana, uthenga wokhala ndi linki yolowera unafika pa Gmail ija patapita masiku angapo. Unagwera mu Spam, ndiye nanunso muziyang'ana kumeneko.

Malangizo akale ena amanena za Trusted Contacts, njira yopempha anzanu kuti akutumizireni makhodi. Facebook inaichotsa njira imeneyo, musavutike kuifufuza. Ndipo ngati mukuona kuti dzina, chithunzi kapena pasiwedi zasinthidwa ndi munthu wina, ndiye kuti akauntiyo yalandidwa, zimene anthu amati kuhakidwa, ndipo khomo loyenera ndi `facebook.com/hacked`.

5. WhatsApp ndi yosiyana ndi zinazi

Pa Gmail ndi Facebook nambala ndi kiyi chabe, koma pa WhatsApp nambalayo ndiyo akaunti yeniyeniyo. Palibe chiphaso chimene mungatumize kuti akubwezereni.

Mwayi ulipo umodzi wokha. Ngati WhatsApp ikugwirabe ntchito pa foni yanu ndi nambala yakale, chifukwa imatha kupitiriza kugwira pa waifai kapena pa bandulo ya simu ina, pitani tsopano lino pa Settings, Account, Change number. Lembani nambala yakale pamwamba, yatsopano pansi. Khodi ya manambala asanu ndi limodzi imapita ku nambala yatsopano yokha, simu yakale siifunika. Magulu anu ndi mauthenga a pa foniyo zimasamukira ku nambala yatsopano, ndipo mungasankhe kuti anzanu adziwitsidwe. Musazengereze, chifukwa tsiku limene mwini watsopano adzaike WhatsApp pa nambalayo, inu mudzatulutsidwa nthawi yomweyo. Pini ya Two-step verification imangomuchedwetsa masiku asanu ndi awiri, siimuletsa.

Ngati munatulutsidwa kale, akauntiyo yapita. Bakapu ya mauthenga anu yosungidwa pa Google Drive imatseguka pokhapokha nambala ndi akaunti ya Google zikhale zomwezo, ndiye pa nambala yatsopano siingakuthandizeni. Chotonthoza n'chakuti mwini watsopano saona mauthenga anu akale, popeza amasungidwa pa foni yanu. Komanso akaunti ikakhala masiku 45 osagwiritsidwa ntchito kenako n'kutsegulidwa pa foni ina, WhatsApp imafufuta chithunzi ndi zina za mwini wakale. Koma ngati munkaigwiritsabe ntchito mpaka posachedwapa, munthuyo akhoza kupezeka ali m'magulu anu a ku mpingo, a banja ndi a banki m'khonde. Uzani oyang'anira maguluwo achotse nambala yakale, ndipo uzani abale anu kuti uthenga wopempha ndalama wochokera pa nambalayo si wanu.

6. Kulankhula ndi mwini watsopano wa nambala

Ili ndi gawo limene malangizo ambiri amalilumpha, kapena amangoti mupempheni akutumizireni khodi, ngati kuti ndi nkhani yapafupi. Ine ndimaliika kumapeto dala, ndipo ndimati muchite pokhapokha njira zonse zapamwambazi zakanika.

Dziikeni m'malo mwake. Aliyense mu Lilongwe muno anachenjezedwapo kuti munthu akakuimbira n'kukupempha khodi imene yabwera pa foni yako, ameneyo ndi wakuba, ndipo chenjezolo ndi loona. Inu mukaimba n'kunena kuti "pabwera kauthenga, mundiwerengere manambalawo," mukulankhula ndendende ngati akuba aja. Akakana, wachita mwanzeru. Mayi wa ku Kawale asanabwere kwa ine anali ataimbira mnyamata uja katatu usiku umodzi, ulendo wachitatu akumuopseza ndi apolisi, ndipo mnyamatayo anangomubuloka. Njira imeneyo inatsekeka chifukwa cha mkwiyo basi.

Palinso ngozi mbali yanu. Mukamufotokozera, mwamuuza kuti ali ndi kiyi ya akaunti yanu. Ngati ndi wosakhulupirika, angadine yekha Forgot password n'kulowa inu musanalowe, makamaka akadziwa kuti pa akauntiyo pali tsamba la bizinesi. Choncho musamuuze dzina la akauntiyo pa foni, ndipo musatchule kuti mumagulitsirapo malonda.

Ngati mwaganiza zoyesa, yambani ndi uthenga wolemba, masana, waulemu: kuti nambalayo inali yanu kale, kuti simukuifunanso, kuti simukufuna pini ya ndalama kapena chilichonse chake, ndipo mukungopempha kukumana naye kwa mphindi zochepa kuti muchotse nambala yake pa akaunti yanu. Muuzeni phindu lake, loti mauthenga a makhodi ndi mafoni a anthu ofuna inu zidzasiya kumuvutitsa. Mupempheni asankhe yekha malo a poyera, monga mkati mwa Gateway Mall kapena pa ofesi ya kampani ya mafoni, ndipo aliyense abwere ndi mnzake. Ngati muli ndi kakhadi kamene munathyolamo simu, kapena risiti yakale yokhala ndi nambalayo, mutenge kuti aone.

Musanapite, konzani zonse: foni yodzaza moto, bandulo yokwanira, imelo yatsopano yotsegula kale, nambala yatsopano ili m'foni, ndi pasiwedi yatsopano yolembedwa papepala. Khodi imatha mphamvu pakapita kanthawi kochepa, ndipo simudzakhala ndi mwayi wachiwiri. Mukakumana, pemphani khodiyo iye akuona sikirini yanu, ndipo awerenge yekha uthenga wonse kuti atsimikize kuti ndi wa Facebook kapena Google, osati wa ndalama zake. Foni yake musaigwire. Mukalowa, musanyamuke pampando musanasinthe pasiwedi, kuika imelo ndi nambala yatsopano, ndi kufufuta yakale, iye akuona.

Zinthu ziwiri musachite. Musamupemphe khodi ya WhatsApp, chifukwa mukailowetsa pa foni yanu mumutulutsa iye mu WhatsApp yake, ndipo kumeneko ndi kumulanda. Musatumizenso ndalama musanakumane. Kumubwezera thiransipoti ndi kumugulira mayunitsi ntchito itatha ndi ulemu woyenera, koma amene akuti mutumize kaye ndalama kuti akupatseni khodi adzapempha zina mawa. Ngati walowa kale mu akaunti yanu ndipo akupempha ndalama kwa anthu m'dzina lanu, jambulani mauthengawo mukadandaule ku polisi. Lamulo la 2016 loona za ntchito za pa intaneti ndi chitetezo chake limaletsa kulowa m'makina kapena m'zinthu za munthu wina popanda chilolezo, ndipo kukhala mwini wa nambala sikumupatsa ufulu pa akaunti yanu.

7. Mukalowa, tsekani makomo otsala

Pa Facebook pitani pa Password and security, kenako Where you're logged in, mutulutse chipangizo chilichonse chimene simukuchidziwa. Pa Google chimodzimodzi pansi pa Your devices. Kenako pezani njira yolowera imene siidalira simu. Google imapereka Backup codes, makhodi khumi a manambala asanu ndi atatu, iliyonse yogwira ntchito kamodzi. Alembeni papepala muwasunge pamodzi ndi masatifiketi anu. Facebook nayo ili ndi Recovery codes pansi pa Two-factor authentication.

Pomaliza pitani ku banki ndi chiphaso chanu mukasinthe nambala yolandirira mauthenga, popeza pafupifupi banki iliyonse imafuna mufike nokha pa nthambi. Mukapanda kutero, munthu wachilendo aziona ndalama zimene zalowa ndi kutuluka mu akaunti yanu, ndipo makhodi otsimikizira malipiro azipita kwa iye. Mayi uja anapeza kuti mauthenga a banki akhala akupita kwa mnyamata uja kwa miyezi ingapo. Anasintha tsiku lomwelo, kenako anakonza nambala pa tsamba lake la makeke, pamene makasitomala ena anali akuimbabe nambala yakale kufunsa mtengo wa keke ya ukwati.